Mlamba Wafika Mochedwa, Wina Wachita Chuku: Imelo Yopepesa Ilembedwe Bwanji?

Nyanja ya Chiuta si yakuya, ndipo malire a Malawi ndi Mozambiki anadutsa pomwepo: kuzambwe kuli boma la Machinga, kuvuma kuli boma la Mecanhelas m'chigawo cha Niassa. Matemba, makumba ndi mlamba wa m'nyanjayi sizithera m'midzi ya m'mbali mwake mokha, zimapita kutali. Wogula akakhala kutali choncho, katundu akaonongeka panjira simungapite kukagwada pakhomo pake. Mumalemba.

Tiyerekeze nkhani imodzi kuti tiyende nayo mpaka kumapeto. Mitengo ndi masiku ndi zongoyerekeza. Bambo wina wa geni ya nsomba kumbali ya Mecanhelas walandira oda kuchokera kwa mayi wina amene ali ndi malo odyera ku Limbe. Mayiyo akufuna mlamba wowamba, makatoni 4 a makilogalamu 10 iliyonse, pa mtengo wa K9,000 pa kilogalamu. Ndiye kuti nsomba ndi za K360,000, thiransipoti K40,000, ndipo walipiriratu K400,000. Anagwirizana kuti katundu afike Lachisanu pa 7 Febuluwale, kudzera ku Nayuchi, Liwonde ndi Zomba. Wafika Lachiwiri pa 11. Katoni imodzi yachita chuku yonse, ina yaphwanyika ndipo nsomba zambiri m'menemo zanyenyeka. Mayi watumiza zithunzi ndi mawu awiri okha: "Ichi n'chiyani?"

Bwanji osangoimba foni? Imelo ndi ya chiyani?

Imbani ndithu, ndipo imbani tsiku lomwelo. Munthu wokwiya amafuna kumva mawu a munthu mnzake. Koma pafoni anthu amalonjezana zinthu mopupuluma, ndipo pakapita sabata aliyense amakumbukira zomukomera. Inu mudzati munalonjeza makilogalamu 10, iye adzati munati katoni ziwiri. Cholembedwa chimathetsa mkangano umenewu usanayambe.

Kunena zoona, ambiri mwa ochita geni kunyanja amatumizirana mauthenga pa WhatsApp, ndipo zonse tikambe pano zimagwiranso ntchito pamenepo. Imelo imafunika kwambiri wogula akakhala ndi mabuku a ndalama, monga malo odyera, shopu kapena sukulu yogonera konko. Kalaliki wake amafuna chosindikiza choti aike m'failo, chofotokoza chifukwa chake ndalama ina yabwerera. Ngati oda inabwera pa imelo, yankhani pa imelo yomweyo podina Reply, kuti oda, risiti, zithunzi ndi chipepeso zikhale pamalo amodzi.

Kodi "pepani" sakwanira?

Sakwanira, ndipo vuto lili m'mawu omwewo. Pa Chichewa timati "pepani" munthu akapunthwa pa chitsa chimene sitinaike ndife. Timati "pepani" pamaliro. Timati "pepani" mnzathu akadwala mutu. Ndi mawu achifundo, koma paokha savomera mlandu. Choncho mukalemba kuti "Pepani Mayi ndi zomwe zachitikazi," mayi wa ku Limbe sadziwa ngati mukuvomera kulakwa kapena mukungomumvera chisoni ngati munthu wodutsa m'njira. Nthawi zambiri amamva chachiwiricho, ndipo mkwiyo umakula.

Chiyankhulo chathu chilinso ndi kakhomo kena kothawira. Taonani kusiyana kwa "nsomba zinaonongeka" ndi "ndinaononga nsomba," kapena "katundu anachedwa" ndi "ndinachedwetsa katundu." Mawu oyambawo alibe mwini wake, zinthu zangochitika zokha ngati mvula. Mwana akaswa mbale amati "yasweka," ndipo mayi ake amadziwa bwino lomwe kuti sinadzigwetse yokha. Wogula naye amadziwa. M'kalata yonse mukhale chiganizo chimodzi chokha chokhala ndi mwini wake, monga "Ndinalongedza nsomba zisanaume bwino, kulakwa n'kwanga," ndipo "pepani" wanu adzamveka kulemera.

Kumudzi nkhaniyi tinaidziwa kale. Mbuzi zako zikadya mmera wa mnzako, supita kwa amfumu ndi pakamwa pokha. Umavomera kuti mbuzi ndi zako, anthu amakaona kukula kwa malo odyedwawo, kenako umapereka chipepeso. Imelo yabwino imatsata njira yomweyo: kuvomera, kuwerengera, kubweza.

Ndisanalembe, ndidziwa bwanji chimene chinalakwika pamene nsombazo sindikuziona?

Zithunzi zimanena zambiri ngati mwapempha zoyenera. Pemphani chithunzi cha katoni kunja isanatayidwe, cha nsomba za pamwamba, cha nsomba za pakati, ndi cha nsomba imodzi yothyoledwa kuti m'kati muoneke. Pemphaninso kuti zoonongekazo aziyeze pa sikelo. Koma muzipemphe mosamala. "Tumizani umboni" akumveka ngati mukuti mayiyo ndi wabodza. "Mundithandize zithunzi kuti ndione pamene ndinalakwitsa" akupempha chinthu chomwecho popanda kunyoza.

Mlamba wowambidwa bwino umakhala wouma gwa, wopepuka, ndipo ukaugogoda umalira ngati kamtengo. Ngati katoni ndi youma kunja koma nsomba zachita chuku kuyambira m'mimba ndi m'makha, chinyezi chinali m'nsomba momwemo. Mwina zinachotsedwa pamoto msanga, mwina nkhuni zinali zonyowa monga zimakhalira mu Febuluwale, mwina zinaikidwa m'pulasitiki zikadali zofunda n'kuchita thukuta. Uwu ndi mlandu wa wowamba ndi wolongedza, dalaivala alibe nawo gawo. Ngati katoni yafewa ndipo ili ndi zipsera za madzi, chuku chili mbali imodzi, ndiye kuti inavumbwa panjira. Ngati nsomba ndi zouma bwino koma zanyenyeka, china chake cholemera chinakhala pamwamba pake, thumba la mpunga kapena munthu amene. Mukaona timabowo ndi fumbi pansi pa katoni, ndi tizilombo, ndipo zimenezo zikuulula kuti nsombazo zinakhalitsa m'nyumba mwanu zisananyamuke.

Kuchedwa kumakulitsa zonsezi. Nsomba yosaumitsitsa ikhoza kupirira masiku awiri panjira, koma masiku asanu ndi limodzi m'katoni yotseka, nyengo yotentha ndi yachinyezi, singapirire.

Nanga ngati wolakwa ndi wagalimoto, kapena mvula inadula msewu?

Nenani zimene zinachitika, koma m'chiganizo chimodzi kapena ziwiri, ndipo zibwere pambuyo pa kuvomera. Mayi wa ku Limbe sanagule kwa dalaivala, anagula kwa inu. Galimoto munasankha ndinu, makatoni munamanga ndinu, tsiku munalonjeza ndinu. Zolimbana ndi dalaivala ndi zanu, mukazithetse kumbali.

Pali nthawi zina pamene palibe munthu akanachitapo kanthu. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anagumula misewu ndi milatho kumwera kwa Malawi, ndipo wogula aliyense akanamvetsa katundu atachedwa. Koma mvula wamba ya dzinja si Freddy. Aliyense wa kuchigwa cha Chiuta amadziwa mmene misewu yadothi imakhalira kuyambira Disembala mpaka Malichi. Wolonjeza Lachisanu m'nyengo imeneyo, popanda kusiya masiku apadera, analakwitsa polonjeza pomwepo.

Ndipo pali kulakwa kwina kumene ambiri amaiwala kupepesa: kukhala chete. Bambo wathuyu anadziwa Lachisanu m'mawa kuti galimoto yatitimira, koma sananene kanthu, poganiza kuti mwina ituluka. Akanatumiza uthenga, mayiyo akanathamangira kumsika wa Limbe n'kugula zina zophikira Loweruka ndi Lamulungu. Ine ndimaona kuti chete ameneyu ndiye amapweteka kuposa chuku, chifukwa chuku chimagwa mwangozi koma kusanena munthu amachita kusankha.

Chipepeso chiwerengedwe bwanji?

Lekanitsani zinthu ziwiri: kuonongeka ndi kuchedwa. Zikasakanizika mumayamba kutsutsana mtengo ngati pamsika.

Kuonongeka n'kosavuta chifukwa kuli ndi sikelo. Katoni ya chuku yatayika yonse, makilogalamu 10 pa K9,000, ndiye K90,000. M'katoni yophwanyikayo mayi wayeza ndipo wapeza kuti makilogalamu 6 ndi onyenyeka. Amenewa sanaole, akhoza kuphikidwa, koma sangaikidwe pambale ngati nsomba yathunthu. Bambo akuwawerengera theka la mtengo, K4,500 pa kilogalamu, ndiye K27,000. Zonse pamodzi ndi K117,000, zomwe zikufanana ndendende ndi makilogalamu 13 a nsomba zabwino.

Kuchedwa kulibe sikelo. Mukayamba kufunsa kuti mayi anataya makasitomala angati Loweruka, simudzagwirizana mpaka kalekale. Njira yachidule ndi kubweza ndalama ya thiransipoti, popeza analipira kuti katundu afike Lachisanu ndipo sanafike. Apa ndi K40,000. Chipepeso chonse chikukwana K157,000.

Kenako mupatseni mwayi wosankha, ndalama kapena nsomba zina. Musamusankhire. Mwina wagula kale kwina ndipo akufuna ndalama yake, mwina ndalama alibe nayo ntchito koma akusowa mlamba wa Chiuta umene makasitomala ake anazolowera. Chimene sindigwirizana nacho ndi chipepeso chakuti "ndidzakuchotserani pa oda yotsatira." Kumeneko n'kumanga munthu kuti agulenso kwa amene wamukhumudwitsa kumene. Ngati iye mwini wapempha choncho, zili bwino.

Basera, amene anzathu olankhula Chipwitikizi ku Mozambiki amati bacela, ndi wabwino, koma ndi wapamwamba chabe. Kilogalamu imodzi ya matemba yoonjezera imasangalatsa munthu amene wabwezeredwa zake zonse. Kwa amene sanabwezeredwe, imaoneka ngati chitsekapakamwa.

Tionetseni kalata yeniyeniyo.

Pamzere wa mutu, pamene foni imalemba Subject, kapena Assunto ngati ili m'Chipwitikizi, lembani zoti munthu akhoza kuzipeza pakatha miyezi itatu: "Oda ya mlamba ya pa 7 Febuluwale: kupepesa ndi kubweza K157,000." Kalatayo ikhoza kukhala motere:

Zikomo Mayi,

Ndalandira zithunzi zija ndipo ndaona mmene katundu wafikira. Ndinalonjeza kuti mlamba wanu, makatoni 4, ufika Lachisanu pa 7 Febuluwale, koma wafika Lachiwiri pa 11, katoni imodzi itachita chuku, ina itaphwanyika. Kulakwa n'kwanga, ndipo ndikupepesa kwambiri.

Katoni ya chukuyo ndinailongedza nsomba zisanaumitsitse. Galimoto inatitimira m'matope isanafike ku Nayuchi, ndipo katundu atasamutsidwira m'galimoto ina, katoni inayo inapsinjidwa. Ndinadziwa za kuchedwaku Lachisanu m'mawa koma sindinakuuzeni. Pamenepa ndinalakwa kawiri, chifukwa mukanatha kugula kwina.

Chonde nsomba za chukuzo musaphikire anthu, zitayeni. Sindikufuna kuti muzibweze.

Ndawerengera motere. Makilogalamu 10 otayika ndi K90,000. Makilogalamu 6 onyenyeka, pa theka la mtengo, ndi K27,000. Thiransipoti yonse ndikubweza, K40,000. Pamodzi ndi K157,000.

Musankhe chimene chikukomereni. Ndikhoza kukutumizirani K157,000 yonse pafoni pofika Lachinayi pa 13, ndalama yotapira ili kwa ine. Kapena ndikutumizireni K40,000 Lachinayi lomwelo, ndi mlamba wina makilogalamu 13 umene ufike pofika Lachiwiri pa 18, thiransipoti ndilipira ndine. Ngati mwaona kuti penapake sindinawerengere bwino, mundiuze.

Kuyambira tsopano nsomba ndizizibwezeranso pamoto tsiku loti zinyamuka mawa lake, zizizizira kaye ndisanalongedze, ndipo galimoto ikangonyamuka ndizikutumizirani uthenga.

Ine wanu,
kenako dzina ndi nambala ya foni.

Bwanji mulibe malonje? Si mwano kuyamba choncho kwa munthu wamkulu?

Ambirife tinakula ndi makalata oyamba ndi kufunsa za moyo, za ana, za mvula, n'kumafika pa nkhani tsamba litatsala pang'ono kutha. Kwa achibale n'zabwino. Koma taganizani mayi uja, katoni yonunkha ili pakhonde, akutsegula foni n'kupeza kuti mukumuuza kuti kuno muli bwino nonse. Ulemu m'kalata iyi uli m'mawu akuti "Mayi," m'kunena "inu," mu "zikomo" ndi "chonde," komanso m'kusamutayitsa nthawi. Malonje munapereka kale pafoni paja.

Musapitirirenso mbali inayo. "Ndagwira mwendo wanu, ndine mwana wanu, mundikhululukire" amamveka bwino pabwalo la milandu ya m'banja, koma apa amamuika wogula pamalo ovuta, chifukwa tsopano akafuna ndalama yake aoneka wouma mtima. Mavuto anu, ngongole, matenda a mwana, kukwera mtengo kwa nkhuni, asalowe m'kalatayi. Pepesani kamodzi momveka, mwina kawiri, basi.

Za chiyankhulo, lembani m'chimene wogulayo anakulemberani. Ku Mecanhelas munthu mmodzi akhoza kulankhula Chinyanja, Chilomwe, Chiyao ndi Chipwitikizi, koma kalata yopepesa si malo oonetsera luso. Wa ku Limbe mulembereni Chichewa, wa ku Cuamba kapena ku Nampula amene anaoda m'Chipwitikizi muyankheni m'Chipwitikizi.

Ndalama ibwezedwe mu makwacha kapena mu metikali?

Mu ndalama imene analipira, ndipo muitchule dzina m'kalatamo. Kumalire anthu anazolowera kusintha ndalama pamtima, koma mtengo wosinthira sukhala malo amodzi. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anali ndi ngongole yongoti "ndidzakubwezerani za katoni imodzi" nthawi imeneyo anali ndi nkhani yaitali yokambirana. Mukalemba K157,000, ndi K157,000, ndipo kusinthako ndi mutu wanu.

Nenaninso njira yake. Kumbali ya Mozambiki anthu amagwiritsa ntchito M-Pesa, e-Mola kapena mKesh, pamene mayi wa ku Limbe ali pa Airtel Money kapena Mpamba. Musalonjeze Lachinayi musanadziwe kuti ndalamayo ilowa bwanji m'foni yake, ndipo ngati muyenera kuwoloka kukatumizira kumbali ya Malawi, tsiku limenelo muliwerengere. Ndalama yotapira muonjezere inu. Munthu wolonjezedwa K157,000 akatapa n'kupeza yaperewera, ngakhale pang'ono, amakumbukira kuperewerako osati kubwezako.

Kodi kuvomera kulakwa polemba sikungandipalamulitse mlandu?

Imelo ikhoza kukhaladi umboni. Malawi ali ndi lamulo la 2016 lokhudza zochitika pa makina a intaneti, ndipo Mozambiki anakhazikitsa lake mu 2017. Maiko onse awiri alinso ndi malamulo oteteza ogula, la Malawi la 2003 ndi la Mozambiki la 2009. Koma ganizani bwino za umboni umene ulipo kale. Mayi ali ndi zithunzi, ali ndi uthenga wosonyeza kuti analipira, ali ndi tsiku limene munalonjeza. Kukana kwanu sikufafaniza chilichonse mwa zimenezi. Chimene imelo yanu ikuonjezera ndi umboni wakuti munavomera msanga ndipo munapereka njira yokonzera zinthu.

Chofunika kusamala ndi kuvomera zimene simunazione. Musalembe kuti "katundu yense waonongeka" pamene makatoni awiri ali bwinobwino, kapena "chilichonse mwataya ndilipira." Lembani makilogalamu ndi ndalama. Kunena zoona, pa K157,000 ndi malire a dziko pakati, n'zokayikitsa kuti wina angapite kukhoti. Bwalo limene liweruze nkhaniyi ndi la amayi anzake ogula nsomba, amene adzamufunse kuti mlamba wa Chiuta amautenga kwa yani.

Akakana chipepesocho, kapena akapanda kuyankha?

Akati makilogalamu 6 onyenyekawo sangawagwiritse ntchito n'komwe, kusiyana kwake ndi K27,000 ina. Muyeze nokha ngati ndalama imeneyo ikuposa oda za chaka chonse. Kawirikawiri siposa. Koma akafuna K400,000 yonse pamene makilogalamu 24 abwino wawaphika kale, muyankheni mwaulemu, mubwereze masamu aja, ndipo muime pomwepo. Kupepesa sikutanthauza kuvomera chilichonse.

Akakhala chete, musadikire yankho kuti muyambe kuchitapo kanthu. K40,000 ya thiransipoti ili m'njira zonse ziwiri, choncho itumizeni Lachinayi monga munalonjezera, ndi uthenga waufupi wonena kuti yotsalayo ikudikira kusankha kwake.

Cholakwika chachikulu chimene anthu amachita pa kalata zotere n'chiti?

Kulonjeza tsiku lachiwiri n'kulephera kachiwiri. Munthu akamapepesa amafuna kukondweretsa, ndiye amalemba kuti "mawa lomwe lino nditumiza zina," pamene nsombazo zikadali m'madzi, nkhuni n'zonyowa, ndipo msewu ndi womwe uja. Mlamba woti uyende ulendo wautali suuma tsiku limodzi. Werengerani masiku ogula nsomba kwa asodzi, owamba, oziziritsa ndi a panjira, kenako muonjezerepo awiri a matope. N'chifukwa chake bambo wathu uja walemba pa 18, osati pa 14. Musanadine Send, imbirani kaye wowamba ndi wagalimoto, ndipo tsiku limene akupatseni ndi limene mulembe, mutaonjezapo awiri aja.